Lamulungu Lomwe Laivi ya Lughano Sinaduke

Ndinamudziwa Lughano chifukwa cha katundu. Boma litandizula kwathu ku Ntcheu n'kundiponya pa sukulu ina ya pulaimale ku Kaporo, minibasi inanditsitsa pamsewu ndi matilesi, ndowa ziwiri ndi mkwiyo wanga. Munthu woyamba kundiyandikira anali mwamuna wamtali, wowonda, wa njinga ya kabaza, imene kuno amaitchula kuti kago. Anamanga katundu yense pakaliyala, ine n'kumatsatira wapansi, ndipo ulendo wonsewo pakamwa pake sipanatsekeke. Ankaulutsa msewu ngati mpira wa pa wailesi: mbuzi yalowa kumanzere, yapita, agogo atchinga pakati, matilesi a Madamu akupempha kona. Ndinafika ku nyumba ya sukulu ndikuseka, chonsecho ndinanyamuka ku Ntcheu nditalumbira kuti sindidzasekanso mpaka atandibweza kwathu.

Ndiye Lughano ameneyo. Ali ndi mkazi, Leticia, mwana mmodzi dzina lake Angel, ndi munda wa mpunga umene mtsinje umabwereka chaka chilichonse osapempha. Ine ndimamuitana kuti bambo a Angel, iye amati Madamu Modesta. Chichewa chake n'chakuno, chodzaza ndi "chomene" ndi "yayi", ndipo akapsa mtima amachisiya panjira n'kulowa m'Chinkhonde.

Ali ndi m'bale wake, Manase, mwana wa abambo ake aang'ono amene anamwalira kale. Awiriwa anakulira khomo limodzi, kudya mbale imodzi, kukwapulidwa ndi ndodo imodzi. Manase anapita ku Joni zaka zingapo zapitazo, ndipo amayi ake anawasiya m'manja mwa Lughano ndi mlongo wa Lughano, Yunike. Manase ndiye anatumiza foni ija. Sinali yapamwamba, inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi kamng'alu pakona, koma gemu ya mpira inkalowa. Lughano akamadikira makasitomala pasiteji ankasewera ndi anthu a pa intaneti osawadziwa n'komwe, uku akuulutsa ndi pakamwa, mpaka anzake a kago ankasiya makasitomala akupita wapansi.

Tsiku lina Manase anamva phokosolo pa foni, ndiye anati: "Iwe, kuno anthu amakhala pansi kuonera munthu akusewera gemu, munthu wake wosatha n'kuyankhula komwe. Tsegula laivi, anthu azikuonera pa intaneti ukusewera. Ukandipatsa magemu atatu osaduka, ndikudzazira chipinda ndi anyamata a kumudzi, tiika pa TV." Lughano mawu amenewo anawasenza ngati thumba la mbewu. Sankalota galimoto kapena kutchuka. Ankafuna magemu atatu okha, osaduka, m'bale wake akuonera pamodzi ndi anzake n'kumaloza TV kuti ameneyo ndi wakwathu.

Magemu atatu ndi chiyani, ndinaganiza ine. Gemu imodzi sitenga nthawi yoti nyemba n'kuyamba kuwira. Sindinkadziwa kuti tikulowa m'chaka chathunthu cha kutukwana foni.

Choyamba, kuti akulole kuulutsa pa YouTube ndi foni pamafunika olembetsa makumi asanu. Lughano anazungulira Kaporo yense. Analembetsa a kago onse amene anali ndi foni zotsetsereka, kwaya ya kutchalitchi kwawo, aphunzitsi anzanga, ngakhale a hedi amene mpaka lero amakhulupirira kuti analembetsa za fetereza. Atakwanira, anavala malaya ake abwino, kudina batani, foni n'kumuuza kuti adikire mpaka mawa kuti amutsegulire. Anadikira ndi malaya omwewo.

Ine ndinalowamo chifukwa cha vuto lina. Munthu woulutsa gemu ndi foni imodzi saona chimene anthu akuona. Sikirini yonse ndi bwalo la mpira, zala zonse zili pa osewera, ndipo kaya chithunzi chaima kunjako, kaya mawu sakumveka, mwiniwake amangobwebweta osadziwa. Amafunika wina womuonerera. Lughano anayang'ana anthu onse amene anali ndi foni ndi bandulo Lamulungu masana, n'kupeza mphunzitsi wa ku Ntcheu wopanda kopita.

"Madamu, imwe ntchito yanu n'njophweka chomene," anatero. "Mungoonera. Ikaima, mundiuze."

Tsiku loyamba ndinakhala pafupi naye, ndipo zinali malodza. Mawu ake ankatuluka pa foni yanga mochedwa, n'kulowanso pa maikolofoni yake, n'kutulukanso, mpaka zinkamveka ngati a Lughano asanu akukangana m'chitsime. Apo m'pamene ndinaphunzira kuti chimene amachitcha laivi sichifika nthawi yomweyo. Chimachedwa panjira, mwina masekondi makumi awiri, mwina kuposa. Lughano amatha kugoletsa, kudumpha, kukhalanso pansi, pa foni yanga mpira usanachoke n'komwe pakati. Kuchedwako kumatha kuchepetsedwa, koma ukakuchepetsa pa netiweki yofooka chithunzi chimadukaduka kwa oonera, choncho Lughano anakusiya momwemo.

Tinagwirizana zotalikirana. Iye ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chulu, kutsidya kwa bwalo la sukulu, malo okhawo amene netiweki inkaonetsa ulemu. Ine ndinkakhala pakhonde panga, pomwe ndinkamuona bwinobwino koma osamumva. Zikavuta ndinkamulembera pa WhatsApp, uthengawo n'kutsika pamwamba pa sikirini yake kwa kanthawi, iye n'kuuwerenga osasiya kusewera. Imeneyi inali nzeru yake, ndipo ankainyadira. Vuto lake linali lakuti kapulogalamu koulutsira kamatumiza chilichonse chimene chili pa sikirini, kotero oonera onse ankawerenga nawo. Wina akamati akuonera mpira, pamwamba pankatsika mawu akuti: "Bambo a Angel, yaimanso."

Mawu amenewo ndinawalemba mpaka foni yanga inawaloweza. Ndikangodina "Ba", inkamaliza yokha.

Mavuto ankabwera mosinthana ngati alendo a pa ukwati. Loyamba linali chithunzi. Lughano anaika pa mlingo wapamwamba, poti pa foni yake makanema ankaoneka bwino. Sankadziwa kuti kulandira kanema ndi njira ina, kutumiza ndi njira inanso, ndipo njira yotumizira kuno n'njopapatiza. Osewera ake ankafika kwa ine ali timabokosi, mpira osaoneka, bwalo likusungunuka. Choipa kwambiri, laivi ndi gemu zinkalimbirana kanjira komweko. Ankadina kuti wosewera amenye, wosewerayo n'kuyamba waganiza kaye, pomwe amamenya mpira uli kale m'golo la Lughano. Anatsitsa chithunzi mpaka pa mlingo wotsika wa 480, nkhope za osewera zinatha, koma mpira unayamba kuyenda. Anadandaula sabata yonse kuti anthu aziti foni yake ndi yachabe.

"Foni yanu ndi yachabedi," ndinamuuza. "Koma bola yachabe yoyenda."

Kenako kunabwera kutentha. Amene sanakhalepo ku Karonga mu Okutobala asandiuze za dzuwa. Foni yoti ikuyendetsa gemu, ikujambula sikirini, ikutumizanso zonsezo kunja, imatentha ngakhale kuli mphepo, nanji kuno. Ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, osewera n'kumayenda ngati adya mkute wambiri, kenako gemu n'kutseka. Lughano ankaonjezera moto pa moto, kusewera ali kutchaja ndi pawabanki ya mnzake. Ataona kuti zala zikupsa anaivula chikuto, n'kumaitchajiratu m'mawa ku barbashopu, kuchepetsa kuwala, kutsitsa kukongola kwa gemu. Pakati pa gemu ndi gemu ankaigoneka pa kansalu kofinya bwino madzi n'kumaikupiza ndi katoni. Munthu wamkulu, wa banja lake, kukupiza foni ngati wodwala. Amayi opita kuchigayo ankaima n'kumafunsana ngati bambo a Angel ali bwino.

Za mawu sindinena zambiri. Mwezi wathunthu oonera ankamva atambala, chigayo cha mpunga ndi mphepo, Lughano akumveka patali ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje. Zinatha atagula timahedifoni tokhala ndi maikolofoni n'kumanga kachidutswa ka siponji pamwamba pake.

Nanga bandulo! Yotsika mtengo ija ya macheza sigwira ntchito pa laivi. Imafunika yeniyeni, ndipo laivi imaimwa ngati mchenga umwera madzi. Anzake anamulangiza za bandulo ya usiku, iye anati usiku Manase amakhala ku ntchito yaulonda, ndiye aulutsira akadzidzi? Anasankha kupalasa maulendo owonjezera Loweruka kuti Lamulungu akhale nayo.

Ndipo pali china chimene anthu a ku Lilongwe sangachimvetse. Kuno tili pafupi ndi malire. Netiweki yathu ikangofooka pang'ono, foni inkadumpha yokha kukagwira ya ku Tanzania, uthenga n'kubwera wotilandira m'dziko la eni munthu uli pa chulu cha kwanu. Intaneti inkaduka pomwepo. Lughano anakalipira foniyo m'zinenero zitatu tsiku limenelo, Chiswahili chomaliza, akuti poti yasankha kukhala ya kumeneko imve bwino. Pambuyo pake mnzake wina wokonza mafoni anamuonetsa posankha netiweki ndi dzanja kuti isamayendeyende.

Lamulungu lililonse Manase ankalowa. Dzina lake linkakhala loyamba pa macheza a pansi pa kanema, ndipo ankalemba chimodzimodzi: "Tafika, mwana wa adada." Kawiri konse anaitanadi anzake. Ulendo woyamba foni inatentha gemu yoyamba isanathe. Ulendo wachiwiri zonse zinkayenda, Lughano akutsogola, ine pakhonde ndayamba kale kunyada, kenako kasitomala wina anaimba kufuna kunyamulitsa matumba a mpunga. Foni yake ikalandira kuimba, intaneti imatsika pansi. Laivi inaduka, gemu inamutulutsa n'kupereka chipambano kwa mnzake. Ndinamuona patali atagwira mutu, kenako anayankha foniyo, ndipo masana omwewo anakanyamula matumbawo, poti kasitomala ndi kasitomala.

Manase analemba kuti anyamata aseka, akuti m'bale wako amaulutsira m'phanga. Analemba moseka, koma Lughano sanaseke. Anabwera pakhonde panga n'kukhala pansi osapatsidwa mpando.

"Madamu, ine ndikumuchititsa manyazi mwana uja. Foni anandigulira yekha."

Zinandikhudza, koma ine chisoni changa chimatuluka ngati ukali. Ndinamuuza kuti asiye kulira, apeze kafoni kamabatani, laini ya makasitomala aike mmenemo, mu foni yaikulu musiyidwe laini ya bandulo yokha imene palibe amaidziwa. Anatero. Lamulungu kafoniko ankakasiya kunyumba kwa Leticia kuti kasalire pafupi ndi maikolofoni. Tinaona ngati tatseka mabowo onse.

Bowo limodzi ndinalionapo. Tsiku lina gemu ili mkati, pamwamba panatsika uthenga wa Leticia wochokera pa foni ya mnzake, wakuti pobwera agule tomato ndipo asanamizire kuti waiwala ngati dzulo. Oonera anali asanu ndi awiri, ndipo onse anafa nacho chiseko. Sabata yotsatira anabwera khumi ndi mmodzi, ena akufunsa ngati tomato anagulidwa. Ndinamuuza kuti: "Bambo a Angel, tsekani mauthengawa. Foni ili ndi batani loti isakusokonezeni. Lero ndi tomato, mawa mudzaonetsa dziko zamkati mwa nyumba yanu."

"Yayi, Madamu," anayankha. "Ndikatseka, imwe mundiuza bwanji kuti yaima? Ndiponso anthu akonda. Tomato wandibweretsera anthu anayi."

Tikanatha kufufuza njira yoti uthenga wanga wokha uzidutsa. Koma munthu amene wavutika miyezi yonseyo kuti zinthu ziyende safuna kukhudzanso batani lililonse, amaopa kuti akagwira apa pagwa apo. Nkhaniyo inathera pomwepo, pa kuseka.

Mpunga utakololedwa, mu Julayi, kunja kunazizirako. Manase anaimba n'kunena kuti wawanyengerera anyamata komaliza. Abwera Lamulungu, agula zakumwa, wina wabwereka TV yaikulu. "Koma ikadukanso, ine sindiwaitananso, mwana wa adada. Ndatopa kusekedwa." Lughano anandiuza mawu amenewa katatu tsiku limodzi.

Sabata yomweyo amayi a Manase anali m'chipatala ku Boma. Matenda awo a shuga anali akale, ankalowa n'kutuluka, ndipo aliyense anazolowera kuti atulukanso. Yunike ndiye ankawadikirira. Loweruka Lughano anapalasa njinga kukawaona, anawapeza atakhala tsonga akudandaula kuti phala la kuchipatala lilibe mchere. Anabwerako mtima uli m'malo, n'kumuuza Manase kuti amama ali bwino, mwina Lachiwiri atuluka.

Lamulungu lija ndinatuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe. Bwalo la sukulu linali loyalidwa malona a mpunga, kamphepo kakuwomba, chigayo chili chotseka. Lughano anakhala pansi pa mango wake, foni yodzaza batire, yovula chikuto, kansalu ndi katoni pambali. Anandikwezera dzanja. Ine ndinakweza langa.

Inayamba bwino moti ndinachita mantha. Chithunzi chinkayenda, mawu ali mbee. Manase analemba kuti: "Tafika, mwana wa adada, tili khumi ndi atatu m'chipinda muno." Enanso analowa paokha, chiwerengero cha oonera chinakwera kufika pomwe sitinafikepo. Ndipo Lughano anayankhula tsiku limenelo! Osewera ake anawapatsa mayina a anzake a kago. Goloboyi anali Brave, amene akuti sagwira kanthu koma chenji cha kasitomala. Wakutsogolo anali Keith, wothamanga ngati wamva kuti minibasi yatsitsa mzungu. Anyamata a ku Joni ankalemba kudzera pa mafoni awo, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Mulanje, akuti m'bale wakoyu ndi wailesi yathunthu. Gemu yoyamba anapambana. Anakupiza foni uku akucheza ndi anthu. Yachiwiri anagonja, koma anagonja moseketsa moti palibe anachoka. Ine chala changa chinali pa "Ba", osapeza chifukwa chodinira.

Gemu yachitatu inali chigawo chachiwiri, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi. Ndinadzutsa mutu kuti ndimuone mwini wake, ndipo ndinaona Lughano ataimirira. Sikunali kuimirira kwa chigoli, kumeneko ndimakudziwa. Anaima njo, foni ili patsogolo pa nkhope. Kenako anayamba kuipalasa ndi chala mwamphamvu, mahedifoni anathothoka, anapunthwa pa katoni ija.

Ndinayang'ana pa foni yanga. Pamenepo Lughano anali akuseka. Keith anali ndi mpira kumanja, akudutsa munthu, ndipo mawu a Lughano ankati: "Manase, uwauze anyamata akhale bwino, ichi chikubwerachi n'cha iwe."

Ndinadzutsanso mutu. Lughano weniweni anali akuthamanga kudutsa pa malona a mpunga wa eni ake, akubwera kwa ine, akukuwa mawu amene mphepo inkawamwaza. Ndinadziwa kuti chinachake chachitika kale, ndipo chili panjira, chikubwera pa foni yanga ndi pa TV ya ku Joni nthawi imodzi.

Chinafika. Pamwamba pa bwalo la mpira panatsika uthenga wa Yunike. Unali m'Chinkhonde, koma zaka zimene ndakhala kuno zinandikwanira kuumva. Unkati amayi a Manase atisiya posachedwapa, Lughano asamuuze kaye Manase, adada aakulu amuimbira okha.

Mawu a Lughano anaduka pakati pa liwu. Keith anaima ndi mpira mpaka anamulanda. Uthengawo unakhala pamenepo nthawi yokwana kuuwerenga kawiri, chala chisanaukankhe. Kenako, pofuna kuzimitsa laivi, Lughano anatsitsa chinsalu cha mauthenga cha pamwamba pomwe pali batani lozimitsira, ndipo uthenga uja unaonekanso, wonse, pamodzi ndi mzere wachiwiri wakuti wakhala akuimba pa kafoni kaja koma palibe akuyankha. Ndiye chithunzi chinada.

Anafika pakhonde akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati. "Madamu, yaduka? Ndiuzeni kuti inaduka isanafike. Imaduka nthawi zonse. Madamu, inaima?"

Chaka chonse ndinkamulembera munthu uyu kuti yaima. Tsiku limenelo ndinalakalaka nditanena mawu omwewo, ndipo sakanakhala oona. Ndinangomutembenuzira foni yanga. Macheza anali akadali otsegula. Wa ku Mangochi uja anali atalemba kuti: "Aaa, yadukanso! Tomato wina ameneyo?" Panalibe wina m'chipinda chija amene ankawerenga Chinkhonde. Anyamata khumi ndi awiri ankaseka, zakumwa zili m'manja, ndipo pakati pawo panali munthu mmodzi amene anamva. Patapita kanthawi, pansi pa dzina la Manase panabwera liwu limodzi: "Ndaona."

Lughano anakhala pansi pa simenti. Anamuimbira pa WhatsApp, Manase sanayankhe. Anaimbanso. Ine ndinamulanda foni n'kumuuza kuti ayambe wafufuta kanemayo, poti laivi ikatha imatsala pomwepo kuti aliyense aonere. Pomaliza ndinafufuta ndine. Madzi akatayika saoleka, komabe tinapukuta pomwe tikanatha. Leticia anatulukira akuthamanga, kafoni kamabatani kali m'manja. Anali ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, kafoniko anakasiya pa alumali.

Uthenga wa maliro uli ndi njira yake, kwathu ku Ntcheu ndi kuno chimodzimodzi. Mwana amene ali kutali samuponyera nkhani ngati mwala. Wamkulu amayamba wafufuza kuti ali kuti, ali ndi ndani, amapeza munthu wokhwima woti akhale naye pafupi. Kawirikawiri amayamba ndi kuti matenda akula, konzeka. Amamutsitsa pang'onopang'ono. A Kenan, abambo aakulu a Lughano ndi Manase, anali atayamba kale kufunafuna nambala ya m'busa wina wa ku Joni pomwe anamva kuti mwanayo wadziwa, ndi momwe wadziwira.

Sanakalipe pamaliro. Anadikira mpaka tsiku lotsatira kuika, n'kumuitana Lughano kuseri kwa nkhokwe. Ine sindinaliko, anandifotokozera Leticia. Akuti anangomufunsa kuti: "Mwana wa mng'ono wanga wamva za amayi ake anzake akuseka. Ndimuuza chiyani bambo wake ndikakamupeza?" Lughano anayamba kufotokoza za mauthenga otsika pamwamba, za kuchedwa kwa laivi, koma anasiyira panjira. Anapepesa ndi nkhuku, a Kenan analandira, ndipo kwa akuluakulu nkhani inatha.

Manase sanabwere, ulendo wake sukanatheka pa nthawi yake. Anayankhula ndi a Kenan, anayankhula ndi Yunike, anatumiza zothandizira pamaliro. Ndi Lughano ankangoyankha mwachidule: eya, yayi, ndagha, amene ndi zikomo wa kuno. Sanamunene, sanamutukwane, ndipo Lughano ankati bola akanamutukwana.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi netiweki ija. Inatizunza mu dzuwa, inatithawira ku Tanzania, inaduka chifukwa cha matumba a mpunga, inaduka popanda chifukwa chilichonse. Masekondi makumi awiri okha amene tinkafuna kuti iduke, inagwira ngati ya ku ofesi ya nduna. Ndinauza a hedi zimenezi, iwo anati zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinawayankha kuti Mulungu asamunamizire za ma tawala a netiweki, ndipo sitinayankhulane mpaka Lachitatu.

Miyezi iwiri Lughano sanakhudze gemu. Ankapalasa njinga mwakachetechete, mbuzi zinkadutsa msewu popanda woziulutsa. Makasitomala ena ankafunsa ngati akudwala. Ndiye Lamulungu lina kumapeto kwa Seputembala, kutentha kutayambanso, ndinamuona akudutsa pa bwalo ndi katoni yake. Anaima pakhonde panga.

"Ndatseka zonse, Madamu. Palibe chotsika pamwamba, ngakhale chanu. Ikaima, ingoimani muzindikupizira chitenje, mwina ndikuonani."

"Mwamuuza Manase?"

"Ndamutumizira linki. Zaonetsa kuti wawerenga."

Anapita pansi pa mango. Anthu aja a tomato anali atabalalika kalekale. Laivi itayamba, chiwerengero cha oonera chinali mmodzi, amene ndi ine. Lughano anayamba ndi mawu otsika, akulakwitsa mayina a osewera ake omwe. Chigawo choyamba chili pakati, chiwerengero chinasintha kukhala awiri. Pa macheza sipanabwere kanthu. Makinawo amangowerenga mitu, satchula mayina a anthu amene sanalembe. Akanatha kukhala Manase, akanathanso kukhala mwana wina wa ku Lupembe amene chala chinangotsetsereka. Ndinayang'anitsitsa nambala ija ngati ingandiuze.

Posakhalitsa chithunzi chinaima, Keith mwendo uli m'mwamba, kachizindikiro kodikiritsa kakuzungulira pakati. Ndinaimirira n'kuyamba kukupiza chitenje. Ndinakupiza mpaka mkono kuwawa, ndinakuwa, agalu a a hedi anauwa. Lughano mutu unali pa foni, pakamwa pakuyenda, akuulutsira anthu amene sankamumva. Anamaliza gemu yonseyo yekha.

Atabwera anali thukuta lokhalokha. Sanafunse za chithunzi kapena mawu.

"Anabwera?"

"Tinali awiri," ndinatero. "Winayo sanalembe kanthu. Ndipo inaima chigawo choyamba chisanathe, ndakupiza mpaka ndatopa."

Anapukuta foni ndi kansalu kaja.

"Itaima, winayo anachoka?"

Ndinayang'ana pa foni yanga ngakhale yankho ndinkalidziwa. Nambala ija inakhala pa awiri nthawi yonse imene Keith anali mwendo m'mwamba, mpaka Lughano atazimitsa.

"Sanachoke," ndinamuuza. "Anadikira."

Lughano anapinda katoni yake n'kuiika m'khwapa. Anandifunsa ngati Lamulungu likubwerali ndili ndi kopita, ndipo ndinamuuza kuti apeze chitenje chofiira, changachi sichioneka patali.